GMT kapena UTC: kusiyana kwake kuli pati, ndipo mugwiritse ntchito iti?

Mutayimika wotchi ya GMT pambali pa wotchi ya UTC, maso anu sangaone kusiyana. Ziwirizi sizitalikirana kufika sekondi yathunthu, n'chifukwa chake wailesi, makompyuta ngakhalenso maofesi amazitchula mosinthanitsa. Koma magwero ake ndi osiyana kotheratu. GMT, chidule cha Greenwich Mean Time, imachokera ku kuzungulira kwa dziko lapansi, pamene UTC, yomwe pa Chingerezi ndi Coordinated Universal Time, imachokera ku mawotchi a atomu. Chomwe chimasokoneza anthu kwambiri si kachigawo ka sekondiko ayi, koma kuti zilembo zitatu za GMT masiku ano zimanena zinthu zingapo, ndipo chimodzi mwa zinthuzo chikhoza kukuphonyetsani msonkhano ndi ola lathunthu.

GMT: nthawi yopimidwa ndi dzuwa

Malo opimira nyenyezi a ku Greenwich, mu mzinda wa London, anakhazikitsidwa mu 1675 molamulidwa ndi Mfumu Charles II, pofuna kuthandiza amalinyero kudziwa pamene sitima yawo ili panyanja. Nthawi ya kumeneko inkachokera kumwamba. Koma dzuwa lenileni silisunga nthawi bwino. Njira yomwe dziko limayendamo pozungulira dzuwa si yozungulira ndendende, ndipo dzikolo ndi lopendekeka ndi madigiri pafupifupi 23.4. Chifukwa cha zimenezi, dzuwa limafika paliwombo mofulumira ndi mphindi 16 kumayambiriro kwa Novembala, ndipo limachedwa ndi mphindi 14 pakati pa Febuluwale. Wotchi yoyenda mofanana chaka chonse singatsatire zoterozo. Akatswiri anatenga masiku onse a pachaka n'kupeza utali wa pakatikati, ngati kuti pali dzuwa lina loyenda pa liwiro losasintha. Nthawi ya dzuwa longoganiziralo, ikapimidwa pa mzere wodutsa pa Greenwich, ndiyo GMT.

Makampani a sitima zapamtunda a ku Britain anayamba kuitsatira mu 1847, ndipo lamulo la dzikolo linaivomereza mu 1880. Mu Okutobala 1884, nthumwi za mayiko 25 zinakumana ku Washington n'kugwirizana kuti mzere wa Greenwich ukhale poyambira kuwerenga madigiri a kum'mawa ndi kumadzulo. Mzerewo unkadutsa pa telesikopu yomwe katswiri wa nyenyezi George Airy anaimika, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 1851.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Dziko limatembenuka madigiri 15 pa ola, kutanthauza digiri imodzi pa mphindi 4. Lilongwe ali pa madigiri pafupifupi 33.8 kum'mawa kwa Greenwich, choncho nthawi yake ya dzuwa ili patsogolo ndi maola 2 ndi mphindi 15. Koma mawotchi a ku Malawi ali patsogolo ndi maola 2 okha, chifukwa nthawi ya chigawo chino inaikidwa pa madigiri 30. N'chifukwa chake ku Lilongwe dzuwa limafika paliwombo cha m'ma 11:45 tikatenga pakatikati pa chaka chonse, pamene ku Lusaka, komwe kuli pa madigiri pafupifupi 28.3, limafika 12 koloko itapitirira ndi mphindi ngati 7.

GMT ili ndi zilema ziwiri. Choyamba chimakhudza aliyense wowerenga zolemba zakale. Kufikira kumapeto kwa 1924, akatswiri a nyenyezi ankayamba tsiku lawo masana, kuti usiku umodzi wa ntchito usagawike masiku awiri. Kuyambira pa 1 Januwale 1925 anasamukira pakati pa usiku, koma dzina linakhala lomwelo. Ndiye mukapeza kuti nyenyezi inaonedwa pa 5 Januwale 1910 nthawi ya 14:00 GMT m'buku la akatswiriwo, imeneyo ndi 2 koloko usiku wa pa 6 Januwale pa kalendala ya anthu wamba. Kusiyana kwa maola 12 pansi pa dzina limodzi n'komwe kunachititsa bungwe la akatswiri a zakuthambo kuti mu 1928 livomereze dzina lina, UT, la nthawi yoyambira pakati pa usiku.

Chilema chachiwiri n'chachikulu: dziko lenilenilo silizungulira pa liwiro limodzi. Mwezi ukamakoka madzi a m'nyanja umalichedwetsa pang'onopang'ono, kotero kuti tsiku limatalika ndi mamilisekondi pafupifupi 2, kutanthauza magawo 2 mwa magawo 1,000 a sekondi, pa zaka 100 zilizonse. Pamwamba pa zimenezo, mphepo, mafunde ndi kuyenda kwa chitsulo chosungunuka m'kati mwa dziko zimalifulumizitsa kapena kulichedwetsa m'njira yosatheka kulosera. Sekondi ya GMT ndi gawo limodzi mwa magawo 86,400 a tsiku, choncho tsiku likatalika sekondi nayonso imatalika. Muyezo womwe umafutukuka ndi kufupika sungathandize munthu wopima mafunde a wailesi.

UTC: sekondi ya atomu, tsiku la dziko

Mu 1955 Louis Essen ndi Jack Parry anapanga wotchi yoyamba yodalirika ya atomu ya siziyamu ku Teddington, ku England. Mu 1967 mayiko anagwirizana kuti sekondi ndi nthawi yomwe imadutsa pamene mafunde ena a atomu ya siziyamu 133 agwedezeka ka 9,192,631,770. Sekondi imeneyi sisintha, kaya dziko lifulumire kapena lichedwe.

Palibe wotchi imodzi yomwe ndi mwini wa UTC. Mawotchi a atomu mazana angapo, m'malabotale pafupifupi 80 m'mayiko osiyanasiyana, amayerekezedwa kudzera pa masatelaiti, ndipo zotsatira zake zimapita ku bungwe la miyezo la BIPM ku Sèvres, pafupi ndi Paris. Kumeneko amawerengera nthawi ya atomu yotchedwa TAI, ndipo mwezi uliwonse amalengeza kuti wotchi ya labotale iliyonse inapatuka motani. Izi zikutanthauza kuti UTC yeniyeni imadziwika pambuyo, mwezi utatha. Nthawi yomwe foni kapena kompyuta yanu imalandira ndi ya labotale ina yomwe ikuyesetsa kukhala pafupi ndi UTC, ndipo malabotale abwino amapatuka ndi tizigawo tochepa chabe mwa magawo biliyoni a sekondi.

TAI imangowerenga masekondi osayang'ana kumwamba. Ikasiyidwa yokha imasiyana ndi dzuwa, chifukwa utali wa sekondi ya atomu unatengedwa ku ziwerengero za zakuthambo za m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, pamene dziko linkazungulira mofulumirako pang'ono. Tsiku likatalika ndi mamilisekondi 2 kuposa masekondi 86,400 a atomu, pakutha pa masiku 365 kusiyanako kumakhala kutafika masekondi 0.73. Apa ambiri amalakwitsa: amaganiza kuti dziko likuchedwa ndi sekondi ina chaka chilichonse. Sichoncho. Ndi timamilisekondi tomweto timene tikuunjikana tsiku ndi tsiku, monga ngongole ya pagolosale yomwe ikukula ngakhale mtengo wa sopo sunakwere.

UTC inapangidwa kuti igwire mbali zonse ziwiri. Sekondi yake ndi ya atomu, koma salola kuti italikirane ndi kuzungulira kwa dziko kupitirira masekondi 0.9. Nthawi ya kuzungulira kwa dzikoyo masiku ano imatchedwa UT1, ndipo ndiyo inalowa m'malo mwa GMT ya akatswiri. Sipimidwanso pa telesikopu ya Airy, yomwe inasiya ntchito mu 1954. Imapimidwa ndi madishi akuluakulu a wailesi ali m'makontinenti osiyanasiyana, omwe amaloza limodzi ku zinthu zowala zakutali kwambiri mlengalenga. Ngakhale mzere woyambirawo unasuntha: womwe GPS imagwiritsa ntchito uli mamita pafupifupi 102 kum'mawa kwa mzere wachitsulo umene alendo amajambulitsapo ku Greenwich.

Bungwe la IERS, lomwe limayang'anira kuzungulira kwa dziko, likaona kuti UT1 ndi UTC zikuyandikira malire aja, limalengeza, miyezi pafupifupi 6 zisanachitike, kuti pawonjezedwa sekondi imodzi. Mpaka pano sekondiyo yakhala ikuikidwa kumapeto kwa Juni kapena kwa Disembala. Wotchi imawerenga 23:59:59, kenako 23:59:60, kenako 00:00:00. Zimachitika pa kamphindi komweko padziko lonse, osati pakati pa usiku pa dziko lililonse. Yomaliza inaikidwa pa 31 Disembala 2016, ndipo ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa inali 01:59:60 pa 1 Januwale 2017.

Dongosololi linayamba pa 1 Januwale 1972, UTC ili kumbuyo kwa TAI ndi masekondi 10. Kuchokera pamenepo pawonjezedwa masekondi 27, ndiye kusiyanako kuli pa masekondi 37. M'zaka za m'ma 1970 ankawonjezera chaka chilichonse, koma kuyambira 2017 dziko lakhala likuzungulira mofulumirako moti sipanafunike ina.

Ola lomwe limasowa pakati pa London ndi Blantyre

Vuto lomwe limagwera anthu ambiri silikhudza atomu. Ambiri akamati GMT amatanthauza nthawi ya ku London, koma London imatsatira GMT miyezi isanu yokha pachaka. Kuyambira Lamlungu lomaliza la Malichi mpaka Lamlungu lomaliza la Okutobala, mawotchi a ku Britain amakankhidwa patsogolo ndi ola limodzi, ndipo nthawiyo imatchedwa BST. Mu 2025 zimenezi zinayamba pa 30 Malichi n'kutha pa 26 Okutobala. Malawi sasintha wotchi, amakhala pa UTC+2 chaka chonse. Choncho Blantyre amakhala patsogolo pa London ndi maola awiri mu Disembala, koma ndi ola limodzi lokha mu Julayi.

Titenge chitsanzo. Ofesi ina ya ku London yatumiza uthenga woti mayeso a pakamwa ofunsira ntchito achitika pa intaneti pa 15 Julayi 2025 nthawi ya 14:00 GMT. Wofunsira ntchitoyo ali ku Blantyre, ndipo akuwerengera bwinobwino: 14:00 kuwonjezera maola awiri, 4 koloko madzulo. Koma wolemba uthengayo anayang'ana wotchi ya pakhoma pake n'kulemba GMT mwachizolowezi. Wotchiyo ili pa BST, choncho 14:00 yake ndi 13:00 UTC, yomwe ndi 3 koloko ku Blantyre. Wofunsira ntchito akamalowa 4 koloko, oyesa aja anabalalika kale. Iye sanalakwitse masamu, koma ndiye wataya mwayi.

Chizindikiro chake n'chosavuta kuona. Ngati tsiku lili pakati pa mapeto a Malichi ndi mapeto a Okutobala, uthenga wachokera ku Britain, ndipo palembedwa GMT, musayerekeze. Funsani kuti akunena nthawi ya pawotchi ya ku London kapena UTC. Pakompyuta ya Linux mukhoza kuona mayankho onse awiri:

```
TZ=Africa/Blantyre date -d '2025-07-15T14:00:00Z'
TZ=Africa/Blantyre date -d 'TZ="Europe/London" 2025-07-15 14:00'
```

Mzere woyamba upereka 16:00, wachiwiri 15:00. Chilembo `Z` kumapeto kwa nthawi chimatanthauza UTC, ndipo n'chomwenso oyendetsa ndege amagwiritsa ntchito pa mapulani a ulendo ndi malipoti a nyengo.

Oyang'anira maseva amagwa m'mbuna yomweyi. Akasankha `Europe/London` poganiza kuti ndi GMT, zolemba za seva zimayenda bwino m'nyengo yachisanu ya ku Britain, kenako mu Malichi ola la 01:00 mpaka 02:00 limasowa, ndipo mu Okutobala ola lomwelo limabwera kawiri. Ntchito yomwe inaikidwa kuti izichitika 01:30 ikhoza kudumphidwa kapena kuchitika kawiri, ndipo ngati ntchitoyo ndi yotumiza malipiro, zotsatira zake n'zowawa. Choyenera kusankha ndi `Etc/UTC`. Chenjeraninso ndi mayina oyamba ndi `Etc/GMT`, chifukwa zizindikiro zake n'zotembenuzidwa: `Etc/GMT+2` ndi maola awiri kumbuyo kwa Greenwich, ndipo nthawi yofanana ndi ya Malawi ndi `Etc/GMT-2`. Wosankha `Etc/GMT+2` ali ku Lilongwe wotchi yake imaphonya ndi maola anayi. Dzina la dera, `Africa/Blantyre` kapena `Africa/Lusaka`, lilibe msampha umenewu.

Pali malo ena omwe GMT yangotsala ngati dzina koma m'kati mwake muli UTC. Mzere wa `Date:` womwe maseva a intaneti amatumiza umathera ndi `GMT`, koma wotchi ya sevayo imatsatira mawotchi a atomu. Kulira kwa timaphokoso ta ola pa wailesi ya BBC, komwe kunayamba mu 1924, nakonso kumatsatira UTC. Mayiko monga Ghana, Senegal ndi Iceland amati ali pa GMT chaka chonse, ndipo pochita zenizeni zimenezo ndi UTC+0. M'malo oterewa palibe choti mukonze.

Pamene sekondi imodzi ili ndi ntchito

Kwa wopima malo pogwiritsa ntchito dzuwa kapena nyenyezi, UTC yokha sikwanira, chifukwa iye akufuna kudziwa kuti dziko latembenuka motani pa kamphindi kameneko. Pa ikweta nthaka imayenda mamita pafupifupi 465 pa sekondi. Kumayambiriro kwa Januwale 2017, sekondi yowonjezera itangoikidwa, UT1 inali patsogolo pa UTC ndi masekondi pafupifupi 0.6. Wopima nyenyezi tsiku limenelo atatenga nthawi ya pawotchi ya UTC ngati kuti ndi GMT ya m'mabuku a amalinyero, akanaphonya ndi mamita pafupifupi 280 kum'mawa kapena kumadzulo. Kwa mlinyero wogwira chipangizo chopimira m'manja pasitima yogwedezeka, zimenezo n'zochepa kuposa kuphonya kwa dzanja lake. Koma kwa wolozetsa telesikopu kapena dishi yotsatira satelaiti n'zambiri. Kukonza kwake ndi kuwonjezera kachiwerengero kotchedwa DUT1, komwe IERS imalengeza:

```
UT1 = UTC + DUT1
```

Kwa wopima utali wa nthawi pakati pa zochitika ziwiri, vuto lili mbali inayo: UTC ili ndi mphindi zina za masekondi 61. Kuchokera 23:59:00 pa 31 Disembala 2016 kufika 00:01:00 pa 1 Januwale 2017 panadutsa masekondi 121. Koma makompyuta ambiri amawerenga nthawi mwa njira ya Unix, yomwe imatenga tsiku lililonse kukhala la masekondi 86,400 ndendende. Nthawi ziwirizo kwa iwo ndi `1483228740` ndi `1483228860`, ndipo mukachotsera mupeza 120. Sekondi ya 23:59:60 ilibe nambala yakeyake, choncho makina ena amabwereza sekondi imodzi kawiri, wotchi n'kuoneka ngati yabwerera m'mbuyo. Pa 30 Juni 2012 cholakwika china mu Linux chinachititsa maseva ambiri kutangwanika mpaka kuleka kuyankha, ndipo masamba ngati Reddit anavutika. Pa 1 Januwale 2017 pulogalamu ina ya kampani ya Cloudflare inachotsera nthawi ziwiri n'kupeza yankho lochepera ziro, zomwe inkayesa kuti sizingachitike.

Makampani ena, monga Google, amathawa vutoli pomwaza sekondiyo m'maola 24, kuyambira masana a tsikulo mpaka masana a mawa lake, sekondi iliyonse n'kutalikitsidwa pang'ono kwambiri. Njirayi imagwira ntchito, koma m'maola amenewo wotchi siili pa UTC yeniyeni, ndipo pakati pa usiku imakhala itapatuka ndi theka la sekondi. Choopsa ndi kusakaniza: kompyuta imodzi ikamafunsa nthawi ku maseva omwaza komanso osamwaza, imalandira mayankho otsutsana. Sankhani mtundu umodzi pa makina onse.

Amene akufuna masekondi oyenda mosadukiza atenge TAI kapena nthawi ya GPS. Nthawi ya GPS inayamba pa 6 Januwale 1980 ili yofanana ndi UTC, ndipo silandira masekondi owonjezera. Ili kumbuyo kwa TAI ndi masekondi 19 nthawi zonse, ndipo ili patsogolo pa UTC ndi masekondi 18. Masatelaiti amatumiza chiwerengero chimenechi kuti chipangizo cholandira chichotsere chokha. Ndiye mukaona makina awiri akusiyana ndi masekondi 18 ndendende, dziwani kuti amodzi akupereka nthawi ya GPS yosakonzedwa. Akasiyana ndi 37, amodzi ali pa TAI. Akasiyana ndi 1 kapena 2, kayikirani chipangizo chakale chomwe chikugwiritsa ntchito chiwerengero cha zaka zam'mbuyo.

Musankhe iti

Pa zolemba za kompyuta, mapangano a pakati pa mayiko, nthawi za ndege ndi chilichonse chodzawerengedwa ndi munthu wa dziko lina, lembani UTC, kapena nthawi ya kwanu pamodzi ndi kusiyana kwake, monga `2025-07-15T15:00+02:00`. Ife sitiona chifukwa cholembera GMT m'chikalata chatsopano, popeza palibe bungwe lomwe likuipima ndi kuifalitsa monga kale, ndipo owerenga awiri akhoza kuimva mosiyana.

Koma UTC siyenera paliponse. Pa msonkhano wobwerezabwereza womwe anthu a ku Britain amafuna uzichitika 9 koloko m'mawa pa wotchi yawo, sungani 09:00 pamodzi ndi dzina la dera, `Europe/London`. Mukausandutsa UTC kamodzi n'kusunga choncho, mawotchi awo akadzasintha msonkhanowo udzasuntha ndi ola. Zomwe zachitika kale zisungidwe mu UTC, pamene zam'tsogolo zomangika ku wotchi ya dera zisungidwe ndi dzina la deralo. GMT ikhale ya kutchula nthawi ya Britain ya pakati pa mapeto a Okutobala ndi mapeto a Malichi, komanso ya mayiko omwe amatcha nthawi yawo choncho.

Malire a masekondi 0.9 aja sakhalitsa. Mu Novembala 2022 msonkhano waukulu wa mayiko wa za miyezo unagwirizana kuti pofika 2035 kusiyana kololedwa pakati pa UT1 ndi UTC kukulitsidwe, zomwe zidzathetse mchitidwe wowonjezera sekondi pafupipafupi. China chomwe chikufulumizitsa nkhaniyi n'chakuti dziko likapitiriza kuthamanga pangafunike kuchotsa sekondi, wotchi n'kudumpha kuchoka pa 23:59:58 kupita pa 00:00:00, zomwe sizinachitikepo ndipo mapulogalamu ambiri sanayesedwepo nazo. Kusinthako kukadzachitika, makompyuta adzapuma, koma mapulogalamu a matelesikopu, madishi ndi zopimira malo omwe analembedwa potenga UTC ngati yofanana ndi UT1 adzayamba kuphonya mochulukirachulukira. Amene ali ndi makina otere aone ngati pulogalamu yawo imawerenga DUT1 kuchokera ku IERS, ndiponso ngati malo osungira chiwerengerocho angalandire nambala yoposa sekondi imodzi.